Kusungira pulinta adiresi yosasintha mu rauta pogwiritsa ntchito DHCP

M'mashopu aang'ono a ku Mayfair, Fordsburg ndi Rosettenville muno mu Johannesburg, momwe anthu amasindikizitsa makalata ofunsira ntchito ndi kujambulitsa mapasipoti, muli vuto limene limakonda kubwera magetsi akangoyaka pambuyo pozima. Pulinta imayaka bwinobwino, mapepala alimo, inki ilimo, intaneti ikugwira pa foni ya aliyense, koma kompyuta ya pa kauntala ikatumiza chikalata palibe chotuluka, ndipo pa sikirini pamangooneka mawu akuti `Offline`. Amene anagwira ntchito yotere mu 2022 ndi 2023, pamene magetsi ankazima mosinthanasinthana pafupifupi tsiku ndi tsiku, vutoli akulidziwa bwino. Ambiri amafulumira kunena kuti pulinta yawonongeka, pamene nthawi zambiri chimene chachitika n'chakuti yapatsidwa adiresi ina, ndiye kuti nambala imene imapezekerapo pa netiweki yasintha, ndipo kompyuta ikupitiriza kuodira pakhomo pomwe mwini wake anasamukapo kale.

Tiyerekeze shopu imodzi yotere. Ili ndi rauta imene adiresi yake ndi 192.168.0.1, kompyuta ziwiri, pulinta yaikulu yolumikizidwa ndi waya, komanso waifai imene makasitomala amaloledwa kulowapo kuti atumize zikalata zawo. Tsiku limene pulinta inaikidwa, rauta inaipatsa 192.168.0.103, ndipo makompyuta onse awiri anasunga nambala imeneyi ngati malo otumizako ntchito. Palibe amene anaisankha nambalayi. Inangokhala kuti ndiyo inalibe mwini pa mphindi imeneyo.

Rauta simapereka adiresi kuti ikhale ya chipangizo mpaka kalekale, koma imachita kubwereketsa. Ntchito yobwereketsayi ndi imene imatchedwa DHCP, ndipo malamulo amene zipangizo zimatsatira lero analembedwa mu 1997 m'chikalata chotchedwa RFC 2131. Chipangizo chikangolumikizidwa chimakhala chilibe adiresi, choncho chimafuulira netiweki yonse uthenga wotchedwa `DHCPDISCOVER`, wofunsa ngati pali wina wogawa maadiresi, ndipo mu uthengawo chimaikamo nambala yake ya MAC, imene opanga chipangizocho anaika kuti chizizindikirika nayo pa netiweki. Rauta imayankha ndi `DHCPOFFER`, kusonyeza adiresi imene ingathe kubwereketsa. Chipangizo chimanena kuti chaifuna potumiza `DHCPREQUEST`, kenako rauta imatsimikiza ndi `DHCPACK`, momwenso imanena kutalika kwa nthawi imene adiresiyo yabwereketsedwa. Kukambirana konseku kumatha m'masekondi ochepa, mwini shopu osadziwa kalikonse.

Maadiresi obwereketsawa amachokera m'chigawo chimene chinapatulidwa. Pa marauta ambiri a TP-Link, mwachitsanzo, chigawochi chimayambira pa 192.168.0.100 kulekeza pa 192.168.0.199, ndipo nthawi yobwereketsa imakhala mphindi 120. Chipangizo sichidikira kuti mphindi zonsezo zithe. Theka la nthawi likakwana, ndiye kuti pa mphindi 60, chimapempha rauta kuti iwonjezere nthawi, ndipo ikavomera kuwerenga kumayambiranso. Ikapanda kuyankha, chipangizo chimapitiriza kuyesa, ndipo pa mphindi 105, pamene magawo 7 mwa magawo 8 a nthawiyo apita, chimayamba kupempha kwa wogawa aliyense amene angachimve. Ichi n'chifukwa chake pulinta ya m'shopu ikhoza kukhala pa 192.168.0.103 kwa miyezi, mpaka eni ake kuyamba kukhulupirira kuti nambalayo ndi yake. Malinga ngati siinazime, imangowonjezetsa nthawi ola lililonse.

Magetsi akazima kwa maola anayi, zinthu ziwiri zimachitika. Nthawi yobwereketsa ija imatha pulinta ili chizimire, ndipo marauta ambiri apanyumba amaiwala mndandanda wonse wa amene anabwereka, chifukwa amausunga pamalo pomwe pamafufutika magetsi akachoka. Magetsi akabwera, rauta imadzuka m'mphindi imodzi kapena ziwiri, mafoni amene ali ndi mabatire amalumphira pa waifai nthawi yomweyo, pamene pulinta yaikulu ikadali kudzikonzekeretsa. Ngati pa nthawi imeneyo m'shopu mwalowa makasitomala atsopano, mmodzi wa iwo akhoza kupatsidwa 192.168.0.103, pakuti kwa rauta nambalayo ilibe mwini. Pulinta ikadzuka n'kupempha nambala yake yakale, rauta imaikaniza ndi uthenga wa `DHCPNAK`, ndipo pomaliza pulinta imalandira ina, tinene 192.168.0.107.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapusitsa ngakhale anthu odziwa makompyuta. Munthu akalemba pa kompyuta lamulo la `ping 192.168.0.103`, limene limayesa ngati pali chipangizo choyankha pa adiresiyo, akhoza kulandira mayankho abwinobwino, n'kuganiza kuti netiweki ilibe vuto, pamene woyankhayo ndi foni ya kasitomala amene wakhala pa benchi. Chimene chimaulula zoona ndi lamulo lachiwiri ili:

```
ping 192.168.0.103
arp -a
```

Lamulo la `arp -a` limaonetsa nambala ya MAC ya chipangizo chimene chili pa adiresi iliyonse imene kompyuta yalankhula nayo posachedwa. Ngati nambala imene ili pambali pa 192.168.0.103 si ya pulinta, ndiye kuti malowo alowa wina.

Kusungira chipangizo adiresi kumathetsa mpikisano umenewu. Mu rauta mumalembedwa mzere umodzi wonena kuti chipangizo chokhala ndi MAC yakuti chikabwera kudzapempha, chipatsidwe adiresi yakuti, ndipo adiresiyo isaperekedwe kwa wina ngakhale mwini wake atakhala wozima sabata yathunthu. Mzerewu umasungidwa pamodzi ndi dzina la waifai ndi pasiwedi, choncho sufufutika magetsi akazima. Ku pulinta sikusinthidwa kanthu. Iyo imapitiriza kupempha monga kale, imapatsidwabe nthawi ya mphindi 120, imawonjezetsabe nthawi ola lililonse, kungoti yankho limakhala lofanana nthawi zonse. Mfundo yoyenera kuigwiritsitsa ndi yakuti dongosololi limagwira ntchito pokhapokha chipangizo chikapempha, chikapempha kwa rauta yomweyo, ndiponso chikapempha ndi MAC yomwe inalembedwa. Pafupifupi zovuta zonse zimene anthu amakumana nazo pa nkhaniyi zimachokera pa kusokonekera kwa chimodzi mwa zitatuzi.

Ntchito imayamba ndi kupeza MAC yolondola, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya. MAC ndi nambala ya zilembo 12 zolembedwa ziwiriziwiri, zochokera pa 0 mpaka 9 ndi pa A mpaka F, monga 00:00:5E:00:53:1A, imene ndikuigwiritsa ntchito ngati chitsanzo chabe. Nambalayi ndi ya khomo limene chipangizo chimalumikizirapo, osati ya chipangizo chonse, kotero pulinta imene ili ndi polowetsa waya komanso waifai ili ndi ma MAC awiri osiyana. Munthu akakopera ya waifai pamene pulinta ili pa waya, rauta idzalandira mzerewo popanda kudandaula, koma sudzagwira ntchito, ndipo palibe uthenga uliwonse umene udzamuchenjeze. Ine sindidalira kwambiri kapepala komatidwa kumbuyo kwa makina, chifukwa zilembo zake zimakhala zazing'ono ndipo 8 ndi B zimasokonezeka mosavuta. Njira yodalirika ndi kusindikiza tsamba la netiweki kuchokera pa mabatani a pulinta, limene pa mapulinta ambiri limatchedwa `Network Configuration`, kenako kuyerekeza MAC ya pamenepo ndi imene ikuoneka pa mndandanda wa zipangizo mu rauta. Ziwirizi zikagwirizana, kukayika kwatha.

Polowa mu rauta, adiresi yake imalembedwa mu bulawuza ya kompyuta imene ili pa netiweki yomweyo. Amene sakuidziwa alembe `ipconfig` pa Windows n'kuyang'ana mzere wa `Default Gateway`, ndipo m'shopu yathuyi mzerewo udzaonetsa 192.168.0.1, pamene marauta ambiri a Huawei olowetsa simukhadi amakhala pa 192.168.8.1. Pasiwedi imene imafunika pamenepa ndi yoyendetsera rauta, osati ya waifai. Dzina la malo osungirapo adiresi limasiyana malinga ndi amene anapanga rauta. Pa TP-Link zambiri zatsopano mumadutsa pa `Advanced`, `Network`, `DHCP Server`, n'kupeza `Address Reservation`. Pa Netgear mawu omwewo ali pansi pa `LAN Setup`, pa OpenWrt amati `Static Leases`, ndipo pa MikroTik mumasankha chipangizo pa mndandanda wa `Leases` n'kudina `Make Static`. Maina ndi ambiri koma zofunsidwa n'zofanana: MAC, adiresi imene mukufuna, ndipo nthawi zina dzina loti muzichizindikira nalo chipangizocho.

Funso la nambala yoti musankhe ndi lofunika kuliganizira modekha. Zigawo zitatu zoyamba ziyenera kufanana ndi za rauta, ndiye kuti 192.168.0, ndipo chigawo chomaliza chisakhale 0, 255, kapena 1 imene rauta yakhalapo. Kupitirira apo pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kusunga 192.168.0.103 yomwe ija, ndipo ubwino wake ndi wakuti makompyuta safunika kukhudzidwa, koma ngati foni ya kasitomala ikadali pa nambalayo muyenera kudikira kuti ichoke kapena kuzimitsa rauta n'kuiyatsanso. Yachiwiri ndi kusankha nambala ya kunja kwa chigawo chobwereketsa, monga 192.168.0.20. Ine ndimakonda yachiwiriyi pamene rauta ikulola, chifukwa aliyense amene adzayang'ane mndandanda m'tsogolo adzazindikira msanga kuti nambala zochepera 100 ndi za zipangizo za shopu, pamene zoyambira 100 ndi za odutsa. Komabe marauta sagwirizana pa nkhaniyi. Ena amavomera nambala ya kunja kwa chigawo, ena amaikana n'kuumirira kuti ikhale mkati, ndipo ngati yanu ili ya mtundu wachiwiriwu palibe chodetsa nkhawa, pakuti adiresi yosungidwa imachotsedwa pa zimene zimaperekedwa kwa ena ngakhale ili pakati pa chigawocho.

Tinene kuti mwalemba 00:00:5E:00:53:1A ndi 192.168.0.20, mwadina `Save`. Mukayang'ana pulinta mudzapeza kuti ikadali pa 192.168.0.107, ndipo anthu ambiri amafika poganiza kuti alephera. Palibe chalakwika. Rauta ilibe njira wamba yokakamizira chipangizo kusiya adiresi imene chabwereka kale, choncho kusinthaku kumadikira mpaka pulinta itapemphanso, zimene zingatenge mpaka ola limodzi pa nthawi ya mphindi 120, kapena maola 12 pa rauta imene imabwereketsa kwa maola 24. Kuti musadikire, zimitsani pulinta n'kuiyatsanso, ndipo ngati rauta yanu yanena kuti iyambitsidwenso kuti mzerewo uyambe kugwira ntchito, yambani ndi rautayo. Chipangizo chikakhala kompyuta ya Windows, malamulo awiri awa amachita zomwezo:

```
ipconfig /release
ipconfig /renew
```

Pulinta ikafika pa 192.168.0.20, makompyuta nawo ayenera kuuzidwa za malo atsopanowa. Pa Windows mumatsegula `Printer properties`, kupita pa `Ports`, kudina `Configure Port`, n'kulemba nambala yatsopano pa `Printer Name or IP Address`. Izi zimatheka pamene pulinta inaikidwa ngati `Standard TCP/IP Port`. Ngati inaikidwa kudzera pa WSD, njira imene Windows imadzipezera yokha pulinta pa netiweki, bokosi limeneli silitseguka, ndipo m'shopu yotanganidwa ndi bwino kudina `Add Port` n'kupanga khomo latsopano lolunjika pa adiresi yosungidwayo. Kuyesa kwenikweni n'kuzimitsa rauta ndi pulinta zonse pamodzi monga mmene magetsi amachitira, kuziyatsanso, kulola mafoni angapo kulowa pa waifai, kenako kusindikiza tsamba la netiweki. Likaonetsa 192.168.0.20, ntchito yagwira.

Wina angafunse chifukwa chake osangolemba nambalayo pa mabatani a pulinta yeniyeniyo, poti njira imeneyo nayonso ilipo. Ilipodi, ndipo ili ndi ubwino umodzi weniweni, woti chipangizo chimakhala ndi adiresi ngakhale rauta itazima. Vuto lake n'lakuti rauta siidziwa kanthu za nambala yolembedwa pamanja. Wina akalemba 192.168.0.150 pa pulinta, nambala imene ili mkati mwa chigawo chobwereketsa, tsiku lina pulinta ili yozima rauta idzaipereka kwa foni, ndipo pulinta ikayaka zipangizo ziwiri zidzakhala pa adiresi imodzi. Zizindikiro zake n'zosautsa, chifukwa chikalata china chimatuluka, china chimaima pakati, popanda dongosolo lililonse. Kuwonjezera apo, pulinta yolembedwa pamanja siipemphanso kwa rauta, kotero ngati munaigula kwa munthu wina kapena munaipeza m'shopu, yang'anani kaye pa tsamba la netiweki ngati palembedwa `DHCP` kapena `Auto`. Pakalembedwa `Manual` kapena `Static`, mzere wanu mu rauta udzangokhala osagwiritsidwa ntchito.

Vuto lachiwiri ndi lofala kwambiri m'nyumba za lendi za kuno, momwe intaneti imodzi imagawidwa ku zipinda zakumbuyo. Wina amagula rauta yachiwiri kuti waifai ifike kutali, n'kulowetsa waya pa khomo lake la `LAN`, lolumikizirapo zipangizo za m'nyumba, osazimitsa DHCP yake. Pamenepo netiweki imakhala ndi ogawa awiri, ndipo chipangizo chikafuula, nthawi zambiri chimatenga yankho limene lafika msanga. Tsiku lina pulinta imamva rauta yoyamba n'kulandira 192.168.0.20, tsiku lina imamva yachiwiri n'kulandira nambala ngati 192.168.1.34, imene makompyuta sangaifikire. Pa Windows, lamulo la `ipconfig /all` lili ndi mzere wa `DHCP Server` umene umaonetsa amene anapereka adiresi, ndipo ngati pamenepo pali nambala ina yosakhala 192.168.0.1, wogawa wachiwiri alipo. Mankhwala ake ndi kuzimitsa DHCP pa rauta yachiwiriyo kapena kuiika pa `Access Point Mode`. Waya ukalowetsedwa pa khomo la `WAN`, lolowera intaneti, vuto limakhala lina: zipangizo za kuseri kwa rauta yachiwiri zimakhala pa netiweki yawoyawo, ndipo rauta yoyamba siiona n'komwe ma MAC awo, choncho kuzisungira adiresi kumeneko n'kutaya nthawi.

Vuto lachitatu ndi la MAC imene imasintha, ndipo limakhudza kwambiri mafoni ndi malaputopu kuposa mapulinta. Kuyambira pa Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020, mafoni amadzipangira MAC yongopeka pa waifai iliyonse, pofuna kuti eni ake asamatsatidwe kulikonse kumene apita. Kawirikawiri nambala yopekayo imakhala yomweyo pa netiweki imodzi, kotero kusunga adiresi kumagwira ntchito kwa kanthawi, koma imatha kusintha foni ikafufutidwa yonse kapena dzina la waifai likasinthidwa. MAC yopeka imazindikirika ndi chilembo chake chachiwiri, chimene chimakhala 2, 6, A kapena E. Ngati shopu ili ndi tabuleti ya pa kauntala imene ikufunika adiresi yosasintha, sinthani pa netiweki ya shopu yokhayo: pa Android sankhani `Use device MAC`, pamene pa mafoni a Samsung pamalembedwa `Phone MAC`, pa iPhone zimitsani `Private Wi-Fi Address`, ndipo pa Windows zimitsani `Random hardware addresses`. Zipangizo zina zotalikitsira waifai nazonso zimasintha MAC ya chilichonse chodutsira pa izo, choncho nambala yoyenera kulemba ndi imene rauta ikuiona pa mndandanda wake, osati imene ili pa kapepala.

Pali nambala ina imene ingakudabwitseni magetsi akangobwera. Pulinta ikadzuka msanga kuposa rauta n'kusowa woiyankha, imadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254. Nambala yotere siitanthauza kuti mzere wanu walakwika, koma kuti pempho silinafike kwa wogawa aliyense. Zipangizo zambiri zimapitiriza kupempha ndipo zimabwerera m'malo pakapita mphindi zingapo, ndipo zimene sizitero zimangofunika kuzimitsa n'kuyatsanso rauta itadzuka kale. Nambalayi ikakhalitsa, yang'anani waya ndi khomo limene walowa. Mashopu amene rauta yawo ili pa kabatire kosunga magetsi sakumana nazo kawirikawiri, chifukwa wogawa amakhala maso pamene pulinta ikudzuka.

Adiresi yosungidwa mu rauta ndi ya mkati mwa shopu basi. Maadiresi onse oyamba ndi 192.168 anapatulidwa kuti azigwiritsidwa ntchito m'manetiweki a mkati, ndipo sayenda pa intaneti. Izi n'zofunika kwa amene akufuna kuona makamera a shopu ali kutali, mwina atapita kumudzi ku Mangochi kapena ku Mzimba pa Khirisimasi. Kusungira makina a makamera adiresi ndi gawo loyamba lofunika, chifukwa lamulo la `Port Forwarding`, limene limatsegulira njira munthu amene ali kunja kuti afike pa chipangizo cha mkati, limaloza pa nambala ya mkati ndipo limasokonekera nambalayo ikasintha. Koma adiresi ya kunja, imene kampani ya intaneti imapatsa rauta, siikhudzidwa ndi mzere umenewu. Ngati pa tsamba la rauta adiresi ya `WAN` ili pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena ikuyamba ndi 10, monga zimakhalira kawirikawiri pa intaneti ya simukhadi, ndiye kuti mukugawana adiresi ya kunja ndi makasitomala ena a kampaniyo, ndipo `Port Forwarding` siingagwire ntchito ngakhale zonse za mkati zitakhala zolondola.

Popeza mzerewu umakhala mu rauta, umapita limodzi ndi rautayo. Wina akadina kabatani ka `Reset` kumbuyo, kapena mukasintha kampani ya intaneti n'kupatsidwa rauta ina, maadiresi onse osungidwa amatha. Marauta ambiri ali ndi malo a `Backup` osungirako zonse mu fayilo imodzi, koma fayiloyo kawirikawiri imabwezeretsedwa pa rauta ya mtundu womwewo yokha, choncho ndi bwino kulembanso MAC ndi adiresi ya chipangizo chilichonse m'kabuku ka shopu. Rauta yatsopano ikabwera ili pa 192.168.8.1 pamene makompyuta akudziwa pulinta pa 192.168.0.20, chosavuta ndi kusintha adiresi ya `LAN` ya rautayo kukhala 192.168.0.1, kuonetsetsa kuti chigawo chobwereketsa nachonso chasamukira ku 192.168.0, kenako kulembanso mizere ya m'kabuku ija. Mukatero pulinta imabwerera pa 192.168.0.20 ikangozimitsidwa n'kuyatsidwanso, ndipo pa makompyuta a pa kauntala sipafunika kusintha chilichonse.